Dzanja la Apongozi pa Mjigo

Perpetua atakwatiwa kwa a Shaba, m'mudzi wina kumwera kwa Edingeni, chinthu choyamba chimene anaphunzira chinali kutalikirana ndi apongozi ake aamuna. Kwawo ku Ntcheu ulemu unalipo, koma wa kunoko unali wina. Madzi osamba m'manja ankawaika pansi atagwada chapatali, n'kubwerera m'mbuyo. Akafuna kunena kanthu kwa a Shaba, ankauza apongozi aakazi, anyaLungu, ndipo anyaLungu ndi amene ankafikitsa mawuwo. Mwamuna wake Lyford ankagwira ntchito yomanga ku Joni, n'kumabwera pa Khirisimasi pokha. Perpetua ankaphunzitsa pasukulu ya pulaimale ya pafupi, ndipo pa zaka zonse zimene anakhala pakhomopo, chala chake sichinakhudzepo ngakhale malaya a a Shaba ali m'thupi.

A Shaba anali munthu wa ng'ombe. Anali ndi galu wawo wamphongo, wofiirira, dzina lake Sajeni, amene ankayenda nawo kudambo tsiku lililonse. Ng'ombe ikapatuka kulowera kudimba la eni, iwo ankangoimba mluzu kamodzi, Sajeni n'kukaibweza. Anthu ankaseka kuti a Shaba amayankhula kwambiri ndi galuyo kusiyana ndi akazi awo.

Mu Okutobala wa chaka chimenecho, dzuwa likuswa mtengo, Sajeni anasintha. Anasiya kutsata ng'ombe. Ankangogona pansi pa nkhokwe, kumdima, ndipo deya wophika amene anyaLungu ankamuikira m'chigoba cha mphika ankangouma osakhudzidwa. Perpetua anamuona kamodzi pochokera kusukulu akutafuna kachitsa ka mtengo ngati wakwiya nako, koma anali ndi mulu wa makope oti achonge, ndiye anangodutsa. M'mawa mwake anamva galu akuuwa ndi mawu osasa, okoka, ngati a galu wachilendo. Anaganiza kuti ndi wa kwa aneba.

Loweruka m'mawa iye akuchapa kuseri kwa nyumba yake, anamva a Shaba akuyankhula ndi anyaLungu m'Chitumbuka. Chitumbuka ankachimva ndithu, ngakhale poyankha lilime linkamuvuta. A Shaba ankati galuyo watsamwa fupa. Perpetua anasuzumira pakona ya nyumba.

Sajeni anali atatuluka pansi pa nkhokwe. Chibwano chake chinali lende, kamwa osatsekeka, dovu likuyoyoka ngati ulusi mpaka pansi. Miyendo yam'mbuyo inkadzandira ngati ya munthu wochokera ku mowa. Maso anali tong'o, osayang'ana chilichonse. A Shaba anali atagwada kale, dzanja lamanzere litagwira galuyo pakhosi, lamanja likulowa m'kamwa kufufuza fupalo.

Perpetua anaponya chitenje chimene ankafinya.

"Adada, musatero! Chotsani dzanja!"

Aka kanali koyamba kuti awakuwire. A Shaba anatembenuka modabwa, ndipo nthawi yomweyo galuyo anagwedeza mutu, mano n'kulowa pakati pa chala chachikulu ndi chikhatho. A Shaba anasolola dzanja. Magazi anayenderera mpaka pachigongono. Sajeni sanathawe ngati galu wodziwa kuti walakwa. Anangodzandira kulowa m'kakhola kakale ka mbuzi kamene kanali kopanda kanthu, n'kukagwa pakona.

AnyaLungu anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi phulusa kumanja ndi kansalu. Anati athire phulusalo, amange zolimba, kenaka amete ubweya wa galuyo autenthe n'kupaka pabalapo, monga ankachitira makolo.

Perpetua anali ataimirira pamene anazolowera kugwada. Mumtima mwake munali Dalitso, msuweni wake wa ku Ntcheu. Dalitso analumidwa ndi kagalu pamsomali wa phazi ali mwana, kabala kakang'ono kamene kanapola msanga, aliyense n'kuiwala. Patapita miyezi iwiri anayamba kutentha thupi, kenaka kuopa madzi. Ankalira ludzu, koma akamubweretsera kapu khosi linkakana, thupi lonse n'kumanjenjemera. Kuchipatala anati kwachedwa. Perpetua anali pamaliropo. Ndiye alangizi a ziweto atabwera kusukulu kwawo chaka chatha kudzayankhula za chiwewe, iye anamvetsera kuposa ana amene ankawaphunzitsa.

"Amama, ndapota nanu, phulusa ayi. Ubweyanso ayi, galuyo pasapezeke womukhudza. Tiyeni kumjigo."

"Mkamwana," anatero a Shaba, akuyankhula ndi mkazi wa mwana wawoyo mwachindunji, m'Chichewa chawo cholemera, "ndi galu wanga uyu. Ndamulera ndekha. Fupa likumupweteka, mbwenu wandiluma mwangozi."

"Mulibe fupa mmenemo, adada. Chibwano chija chafooka ndi matenda. Sakutha kumeza malovu, n'chifukwa chake akuyoyoka. Mawu ake mwawamva mmene asinthira. Ine ndikuopa chiwewe."

"Galu wa chiwewe amathamanga mudzi wonse kuluma anthu. Uyu wangogona."

"Wina amathamanga, wina amangofooka chonchi. Onsewo malovu awo ndi amodzi."

A Shaba sanasunthe. Magazi ankadontha pa nsapato zawo za matayala. Perpetua anayang'ana kwa anyaLungu, anyaLungu n'kuyang'ana pansi. Apo iye anathamangira pamene ankachapa, anatenga sopo, anakhuthula majumbo awiri amene munali zovala za mwana wake wamkazi n'kuwavala m'manja ngati magolovesi. Atabwerako anagwira apongozi ake pamkono.

"Mundikhululukire, adada. Mlandu wake tidzakamba mukachira."

Mwina chinali chidzidzimutso, mwina nkhope yake. A Shaba anangomutsata.

Mjigo unali kumunsi kwa khola la ng'ombe. Amayi atatu amene ankatunga madzi anachotsa ndowa zawo okha, pakamwa pali yasa, ataona mkamwana wa kwa a Shaba akukoka apongozi ake ngati mwana wokana kusamba. AnyaLungu, amene anabwera pambuyo akung'ung'udza, anagwira chitsulo cha mjigo n'kuyamba kupopa. Perpetua anaika foni yake pa simenti kuti aziona nthawi, anaika dzanja lija pansi pa mpopi, n'kuyamba kupaka sopo.

Mabala anali atatu, awiri pamwamba, limodzi lakuya mkati mwa chikhatho. Iye anatsegula khungu pang'ono kuti madzi alowe, n'kupaka thovu, kutsukuluza, kupakanso. A Shaba anakukuta mano. Madzi ofiira ankatsika mu ngalande ya simenti kulowera ku nthochi.

"Basi, kwayera," anatero a Shaba patapita kanthawi.

"Sizinakwane, adada. Alangizi anati mphindi khumi ndi zisanu, madzi akuyenda, sopo osalekeza. Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu. Sopo amakapha kasanalowe mkati."

Mphindi khumi ndi zisanu n'zochepa munthu akamacheza, koma pamjigo paja zinatalika ngati ulaliki wa pa Isitala. AnyaLungu atatopa, mmodzi wa amayi aja analandira chitsulo osauzidwa. Wina anafunsa chimene chachitika, ndipo atamva anaika manja kumutu n'kuthamangira kwawo kukaitana ana ake kuti alowe m'nyumba. Perpetua sanadzutse mutu. Dzanja la apongozi ake linali lolemera, lokhakhala ngati khungwa. Anthu amene ankadutsa ndi njinga ankachepetsa liwiro.

Nthawi itakwana Perpetua anatuma anyaLungu kukatenga kabotolo ka sipiriti kamene kankakhala pawindo la kuchipinda kwake. Anathira pamabala onse. A Shaba anafuula mawu amodzi a Chitumbuka amene anachititsa amayi aja kubisa nkhope m'zitenje. Kenaka Perpetua anangofunditsa dzanjalo ndi kansalu koyera, kosita, osamanga zolimba.

Chawanangwa, mng'ono wake wa Lyford, anafika ndi njinga yake yamoto ataitanidwa pafoni kuchokera pa siteji pamene ankadikira makasitomala. Anali bambo wa ana atatu, wosachedwa kupsa mtima, ndipo atangomva nkhaniyo anatola mpini.

"Ali kuti galuyo? Ndimumalize."

"Alamu, musayandikire," anatero Perpetua. "Akakulumani tikhala ndi odwala awiri. Tsekani chitseko cha kakholako ndi mtengo wautali, mutsamiritse mwala. A zowona zanyama ndi amene adziwe chochita."

Chawanangwa anachita zimenezo. Atabwerako anapeza bambo ake atakhala pa mpando wawo pansi pa mtengo wa mango, akunena kuti kuchipatala adzapita Lolemba. Lero ng'ombe zinali zisanatuluke, ndipo mawa kunali kutchalitchi.

Perpetua anagwada tsopano, koma pafupi. Anawauza za Dalitso. Sanakometse. Anawauza za kapu ya madzi, ndi za mayi ake a Dalitso amene anakhala panja pa wodi atatseka makutu.

"Matendawa akangoyamba kuoneka, adada, palibe dokotala amene amachiza. Koma asanayambe, katemera amawatsekereza. Ndipo dzanja lili pafupi ndi mutu kusiyana ndi phazi. Lolemba ndi kutali."

A Shaba anayang'ana kukakhola kuja. Kenaka ananena, ngati akudziyankhula okha, kuti mwezi watha Sajeni analimbana ndi nkhandwe kudambo masana dzuwa likuwala, nkhandwe yosaopa munthu, ndipo anabwerako khutu litang'ambika. Katemera wa agalu atabwera chaka chino, mudzi wonse unali kumaliro ku Euthini, ndiye Sajeni sanabayidwe.

AnyaLungu ndi amene anamaliza nkhaniyo. Analowa m'nyumba, anatulutsa jekete la a Shaba la kutchalitchi ndi chipewa, n'kuziika pamiyendo pawo.

"Ng'ombe nditsekulira ndine," anatero. "Kwerani."

Anakwera atatu pa njinga ija, Chawanangwa kutsogolo, a Shaba pakati atanyamula dzanja lawo pachifuwa, Perpetua kumbuyo atagwira chitsulo cha kaliyala. Pachipatala chaching'ono cha m'dera lawo anayang'ana balalo, anamva nkhani ya galuyo, n'kuwauza kuti asataye nthawi, apitirire ku Boma kumene amasunga katemerayo mufiriji. Msewu unali wafumbi, wa mabampu, ndipo pofika m'tauni ya Mzimba onse atatu nsidze zinali zofiira.

Njira yonseyo Perpetua ankangopemphera chinthu chimodzi, kuti akapeze katemera alipo.

Namwino amene anawalandira anali mayi wamfupi, wa Chichewa cha ku Dedza. Anavundukula kansalu kaja n'kuyang'anitsitsa.

"Mwalumidwa nthawi yanji, bambo?"

"M'mawa womwe uno."

"Mwapakapo chiyani?"

A Shaba analoza ndi chibwano kwa Perpetua. "Funsani mkamwana wanga uyu. Wanditsuka ngati mbale ya ukwati."

Namwinoyo anaseka. Perpetua anafotokoza za sopo, mjigo ndi sipiriti, ndiponso za chibwano cha galuyo, dovu ndi miyendo yodzandira. Namwino anasiya kuseka, anamufunsa ngati iyeyo ali ndi bala lililonse m'manja, ngati galuyo ananyambita mwana kapena munthu wina aliyense pachilonda masiku amenewa. Perpetua anaonetsa manja ake, anatchula za majumbo, ndipo anati mwana wake wamkazi anali kwa azakhali ake sabata yonseyo.

"Mwachita bwino, aphunzitsi. Ambiri amabwera atapaka phulusa, ena mpaka tsabola, ena patapita sabata. Katemera alipo. Tiyamba lero lomwe, sitidikira za galuyo."

Perpetua anamva ngati wina wamutula mtolo wa nkhuni pamutu. Anakhala pansi pa benchi n'kuphimba nkhope ndi manja. Chawanangwa anayang'ana kumbali.

Anatsukanso balalo ndi mankhwala ofiirira. A Shaba anafunsa ngati asoke, namwino n'kukana: bala la galu wokayikitsa salifulumira kusoka, kuopa kutsekera kachilombo mkati. Anawabaya katemera pakhungu la mapewa onse awiri, n'kuwonjezera jakisoni wa kafumbata ndi mapiritsi oletsa balalo kutukusira. Kenaka anawauza masiku awiri oti abwerenso, Lachiwiri ndi Loweruka, n'kuwayang'ana m'maso.

"Bala likauma musanene kuti mwachira. Mukadumpha tsiku, mwaononga ntchito ya apongozi anuwa."

"Yewo, mama," anatero a Shaba, ofatsa ngati mwana wa Sande sukulu.

Namwino anawapatsanso nambala ya mlangizi wa ziweto, a Bestone Kamwendo. Chawanangwa anawaimbira ali pakhonde la chipatala. A Kamwendo anafunsa mafunso omwe aja, kenaka anati galuyo asatsegulidwe, asapatsidwe chakudya ndi manja, ana asayandikire, ndipo akafa asamukhudze kapena kumutaya kutchire. Iwo abwera.

Sajeni anafa Lolemba m'mamawa. A Kamwendo anafika ndi njinga yamoto chakumasana, atanyamula kabokosi kozizira. Anavala magolovesi ndi chophimba kumaso, analowa m'kakhola muja okha, n'kutuluka ndi mutu wa galuyo atakulunga m'mapulasitiki kuti akaupimitse. Anayang'ana m'kamwa mwake ndipo fupa munalibe. Chotsalacho anauza Chawanangwa akumbe dzenje lakuya, akwirire n'kuikapo miyala kuti afisi ndi agalu asafukule. A Shaba anaima chapatali, chipewa chili m'manja. Perpetua powerukako anawapeza akadali pomwepo, ndipo anadutsa mwakachetechete.

A Kamwendo anayendanso khomo ndi khomo kufunsa agalu amene analimbana ndi Sajeni, ndi anthu amene angakhale atalumidwa kapena kukandidwa. Sanapezeke munthu. Anauza a Shaba kuti aziyang'anira ng'ombe zawo: ikayamba kulira kosalekeza, kutuluka dovu kapena kuoneka ngati yatsamwa, asapise dzanja m'kamwa mwake.

"Phunziro limenelo ndalimva kale," anayankha a Shaba, akukweza dzanja lawo.

Yankho linabwera pafoni ya Chawanangwa patapita masiku angapo. Chinali chiwewe. Iye anabwera nalo pakhomo madzulo dzuwa lisanalowe, anthu ali pabwalo akusankha mbewu ya mtedza. AnyaLungu anasiya lichero, anayang'ana amuna awo, n'kuyamba kulira, mwina chifukwa cha mantha ochedwa. A Shaba anali atabayitsa kale kachiwiri. Anangoti, "Mbwenu Loweruka tidzanyamuke m'mamawa," ndipo Loweruka lake anali oyamba kudzuka, jekete atavala kale Chawanangwa asanatulutse njinga.

Nkhani ya pamjigo sinathe msanga m'mudzimo. Kutchalitchi amayi ena ankanong'onezana Perpetua akamadutsa. Mlongo wawo wa a Shaba, mayi wachikulire wosunga mwambo, anabwera kudzafunsa ngati n'zoona kuti mkazi wa Lyford anagwira apongozi ake pamkono anthu akuona, komanso kuwakuwira. Perpetua anali m'khitchini, akumva zonse. Anamva anyaLungu akuyankha kuti n'zoona, ndipo amene ankapopa madziwo anali iwo. Kenaka anamva mawu a a Shaba.

"Mukadakonda kubwera kudzafunsa zimenezi, kapena kudzagona pa siwa?"

Mlongo wawoyo pochoka anasuzumira kukhitchini, n'kuti, "Yewo chomene, mkamwana," mouma, koma ananena.

Lyford anaimba kuchokera ku Joni kangapo kufunsa ngati abwere. Bambo ake anamuuza kuti akhale agwire ntchito, kunyumba kuli anthu. A Kamwendo anabweranso ndi anzawo awiri kudzabaya agalu onse a m'midzi yozungulira pabwalo la sukulu, ndipo agalu anabwera ambiri kuposa chaka china chilichonse, ena atamangidwa ndi luzi, ena atanyamulidwa m'madengu.

Komabe Perpetua sanamasuke nthawi imodzi. Kwa milungu ingapo, a Shaba akangotsokomola kapena kunena kuti mutu ukuwawa, iye ankasiya chimene akuchita n'kumvetsera. Tsiku lina anadwaladi, thupi kutentha. Perpetua sanadye. Kuchipatala chaching'ono chija anawayeza n'kupeza malungo, ndipo Chawanangwa atabwera ndi uthengawo, iye anaseka mpaka misozi, anyaLungu n'kumufunsa ngati malungo asanduka nkhani yabwino masiku ano.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Novembala. Pofika pa Khirisimasi chimanga chinali chitafika m'mawondo, ndipo Lyford anatsika pa basi ya ku Joni ndi zikwama zake zamizeremizere. Atafika pakhomo sanapeze bambo ake. Perpetua anamulozera kumunda wa kumtunda, ndipo anapita limodzi, mwana wawo ali pamapewa pa bambo ake. Anawapeza a Shaba kumbuyo kwa ng'ombe ziwiri, akupalira ndi khasu la ng'ombe, manja onse awiri atagwira zolimba, akukalipira ng'ombe yakumanzere imene inkakonda kudya mmera. Ataona mwana wawo anaimitsa ng'ombezo, anapukuta thukuta, n'kumuuza kuti avule nsapato zake zoyerazo adzagwire chingwe, mizere itatu yatsala.